Mzere wachinayi wa m'kope la Anganga

Anganga anga amagulitsa usipa wowuma pa msika wa ku Katuli. Tsiku lililonse amagulitsa ndithu, koma nthawi yokapikula ku Mangochi ikakwana, mpamba wapelewera. Anayamba kukayikira chitaka, mpaka kumamangira makala pa mpango wa ndalama.

Mwezi watha ndinatenga kope la mdzukulu wawo wina n'kujambula mizere inayi yotsika: tsiku, zolowa, zotuluka, ndi zimene zachoka pa benchi popanda ndalama. Anganga salemba, choncho madzulo alionse iwo ankanena, mwana uja n'kumalemba.

Patatha sabata tinakhala pa mkeka kuwonkhetsa. Thumba analipikula K60,000, thiransipoti ndi chiphaso cha msika K9,000. Miyulu inatuluka 160 ya pa K500, ndiye kuti K80,000. Phindu likanakhala K11,000. Koma mzere wachinayi uja! Basera inadya miyulu 14, ndiwo za pakhomo miyulu 7, ngongole za anansi miyulu 9. Yonse 30, ndiyo K15,000. Phindu lonse linathera momwemo, n'kudyanso K4,000 ya mpamba.

Anayang'ana kopelo nthawi yaitali, chala chili pa mzerewo. "Ndiye ndine ndemwe, mwanangu?" Zinandikhudza, chifukwa sanabe kanthu, ndi mtima wabwino chabe.

Basera sanasiye, poti kasitomala angathawe. Koma tsopano amatapa ndi kachivindikiro ka botolo m'malo mwa dzanja, ndipo ndiwo za pakhomo amazilipira ngati wina aliyense.