Monita ikalemba "No Signal" ndiye kuti ikadali yamoyo

Anthu ambiri amene amabweretsa monita pashopu panga amabwera ataiweruza kale kuti yapsa, makamaka magetsi akangothima n'kuyakanso. Choyamba ndimailumikiza kumagetsi n'kuyang'ana chimene yalemba. Ngati mawu akuti No Signal akuoneka, mtima wanga umakhala pansi, chifukwa mawuwo si ochokera kukompyuta ayi, amalembedwa ndi monitayo. Ndiye kuti sikirini ikuyaka bwinobwino, kungoti chithunzi sichikufika. Ntchito yanga ndi kupeza pamene chikuthera, ndipo ndimasintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, apo ayi sindingadziwe chimene chakonza.

Ndimayambira pa batani la Source kapena Input. Monita yokhala ndi mabowo a HDMI 1, HDMI 2 ndi VGA imaonetsa za bowo limodzi lokha pa nthawi, ndipo si monita zonse zimene zimafufuza zokha. Kebulo ikakhala pa HDMI 2 koma monita ikudikira pa VGA, mungadikire mpaka dzuwa kulowa. Ngati ndi laputopu, ndimadinanso Windows ndi P pamodzi n'kusankha Duplicate, poti ikakhala pa PC screen only siitumiza kanthu panja.

Kebulo ndiye imandidyera nthawi. Kumutu kwake kuli timapini 19, ndipo si tonse tonyamula chithunzi. Pini 18 imapereka mavoti 5 kuchokera kukompyuta, pini 19 imauza kompyuta kuti kwalumikizidwa sikirini, pamene 15 ndi 16 ndi mmene monita imadutsiramo kunena kukula kwa chithunzi chimene ingakwanitse. Kamodzi ka timeneti kakapindika kapena kuduka mkati, kebulo imaoneka yabwinobwino kunja koma zida ziwirizo sizimvana. Ndimaunika ndi tochi, kenako ndimaigwedeza pang'ono pakhosi pake, pamene imakonda kuthyokera chifukwa chopanikizidwa kukhoma. Chithunzi chikamabwera n'kuthawa, kapena pakamaoneka timadontho tonyezimira, wolakwa wapezeka. Komabe maso okha sindiwakhulupirira. M'dirowa mwanga muli kebulo yaifupi imene ndikudziwa kuti ndi yabwino, ndipo imeneyo sindigulitsa ngakhale munthu andichonderere.

Kebulo yangayo ikalepheranso, ndimapita ku mabowo. Pa kompyuta ya padesiki yokhala ndi khadi la zithunzi lapadera, HDMI imapezeka pawiri: pamwamba pafupi ndi mabowo a USB, ndi pansi pa khadilo. Bowo lapamwambalo nthawi zambiri limakhala losagwira ntchito khadi likaikidwa, choncho munthu akasuntha kompyuta pokolopa n'kubwezera kebulo pamwamba, sikirini imangoti bii. Kuti ndidziwe ngati bowo la monita ndi lamoyo, ndimalumikizapo dikoda kapena laputopu ina.

Nkhani ya rezolushoni, kutanthauza kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi, ili ndi chizindikiro chake. Mayi wina wa bizinesi yotaipa ndi kusindikiza makalata anabweretsa kompyuta ndi monita yake ya 1366x768, atagula kale kebulo yatsopano pachabe. Nditayatsa, chizindikiro cha kampani yopanga kompyutayo chinaoneka bwino, koma Windows itangoyamba kutseguka, sikirini inada n'kulemba Out of Range.

"Mayi, kebulo yanuyi ilibe mlandu," ndinatero. "Ikanakhala yoduka sitikanaona chithunzi choyamba chija. Kodi kompyutayi inalumikizidwapo pa sikirini ina?"

Anati mwana wawo ankaonerapo mafilimu pa TV yakunyumba. Pakati pa kompyuta ndi monita panalinso kabokosi kotchipa kogawira chithunzi ku masikirini awiri, ndipo kameneka n'kamene kankanamiza kompyuta kuti monitayo ingalandire 1920x1080. Ndinachotsa kabokosiko, n'kulumikiza kompyuta pa sikirini yanga yaikulu kuti ndizitha kuona, kenako mu Display settings ndinatsitsa kufika pa 1366x768 ndi 60 Hz. Titabwezera monita yawo mwachindunji, chithunzi chinabwera.

Amene alibe sikirini yachiwiri asataye mtima. Windows 10 kapena 11 ikathimitsidwa mokakamiza kangapo motsatizana ili mkati moyaka, imatsegula yokha tsamba lokonzera. Pamenepo pitani ku Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, dinani Restart, kenako 3, pamene palembedwa Enable low-resolution video. Imayaka ndi chithunzi cha zilembo zikuluzikulu chimene monita iliyonse imalandira, ndipo mumakonza muli momwemo. Njira yothimitsa mokakamizayi ndimaigwiritsa ntchito pokhapokha zina zikakanika, chifukwa ingathe kuononga mafayilo.

Koma ngati ngakhale chizindikiro choyambirira chija sichikuoneka, mafani akungozungulira, ndipo monita ikugwira bwino pa dikoda, vuto lachoka ku HDMI. Apo ndimazula pulagi, n'kutsegula kompyuta, n'kuyamba ndi kuchotsa RAM ndi kuibwezera bwino.