Kalata yopempha ntchito yopanga webusaiti ya chipatala: mtengo umodzi ndi malire a ntchito

Kalata yopempha ntchito, imene ambiri amangoti koteshoni, ndi uthenga umene munthu wopanga mawebusaiti payekha amatumiza kwa mwini chipatala atamva zimene akufuna. Uthengawu umanena zimene zipangidwe, zimene sizipangidwa, ndalama zake ndi tsiku lomaliza. Ku Mangochi, kumene zipatala zambiri zapulayiveti ndi zazing'ono ndipo mwini wake ndi yemweyo amene amaona odwala, kalatayi imafika pa WhatsApp kapena pa imelo n'kuwerengedwa pa foni, odwala akudikira panja. Choncho iyenera kukhala yaifupi, koma mtengo wokhazikika sungalembedwe malire a ntchito asanadziwike.

Malirewo amachokera ku mafunso, ndipo mmisiri wodziwa ntchito safulumira kutchula ndalama. Amayamba wafunsa kuti oona odwala ndi angati, chipatala chimatsegula ndi kutseka nthawi yanji, wodwala mmodzi amatenga mphindi zingati, ndiponso ndani adzayang'ane mndandanda wa obukitsa m'mawa uliwonse. Tiyerekeze chipatala cha pa boma chimene chili ndi dokotala mmodzi, woona odwala kuyambira 8:00 mpaka 12:00, kenako 13:30 mpaka 16:30, aliyense mphindi 20. M'mawa muli mipata 12, masana 9, yonse 21. Mipata yonseyi siyenera kuikidwa pa intaneti. Mayi amene wakwera matola kuchokera ku Namwera kapena ku Malindi ndi mwana wotentha thupi sabukitsa, amangofika, ndipo sangabwezedwe chifukwa cha kompyuta. Kalata imanena kuti mipata 8 yokha, mwachitsanzo, ndiyo idzabukitsidwe pa webusaiti, yotsalayo ikhale ya ofika okha. Imanenanso za Lachisanu, popeza m'boma limene Asilamu ndi ochuluka chonchi, chipatala chikhoza kufuna kutseka masana anthu akamapita ku mzikiti.

Akadziwa izi, mmisiri amalemba motere:

"A Dokotala, zikomo pondipatsa nthawi dzulo. Ndipanga webusaiti ya masamba anayi: tsamba loyamba, thandizo limene mumapereka, pobukitsira, ndi momwe munthu angakupezereni. Ikhala m'Chichewa ndi m'Chingerezi, yopepuka kuti izitseguka pa foni ngakhale netiweki itafooka. Wodwala azilemba dzina, nambala ya foni, tsiku ndi nthawi basi. Wolandira odwala aziona mndandanda wa tsikulo, azitha kusintha kapena kufufuta. Mtengo wonse ndi K900,000: K360,000 poyamba, K270,000 mukaiona ikugwira ntchito, K270,000 pokupatsani zonse. Ntchito itenga masabata anayi kuchokera tsiku limene mwandipatsa dipoziti, mawu ndi zithunzi. Mtengowu ugwira kwa masiku 14."

Ziwerengerozi ndi zachitsanzo chabe, koma kagawidwe kake kali ndi chifukwa. Dipoziti imateteza mmisiri, gawo lomaliza limateteza dokotala, ndipo malipiro alionse amamangidwa ku chinthu chooneka ndi maso, osati ku tsiku la pakalendala. Masabata anayiwo amayamba kuwerengedwa zinthu zochokera ku chipatala zikafika, chifukwa ntchito zambiri zotere zimachedwa podikira mndandanda wa mitengo ya thandizo umene mwini chipatala analonjeza kutumiza.

Ndime yofunika koposa ndi ya zimene sizili mu mtengo, ndipo ndi imene oyamba kumene amaidumpha poopa kukwiyitsa kasitomala. Webusaiti yobukitsira si kaundula wa matenda a odwala, si buku la mankhwala a m'famase, ndiponso si polipirira. Zimenezi zikapanda kulembedwa, sabata yachitatu pamabwera uthenga woti "mungowonjezerako pang'ono kuti anthu azilipira pa Airtel Money ndi Mpamba". Sipang'ono ayi. Kulandira ndalama pa webusaiti kumafuna akaunti ya bizinesi, kampani yodutsitsa malipiro imene imadula gawo lake, ndi njira yobwezera ndalama kwa amene walephera kubwera. Zili ngati mmisiri wa bwato amene anagwirizana za thabwa ndi misomali, kenako n'kuuzidwa kuti injini ilinso momwemo. Kalata yabwino sikana ntchito yowonjezerayo. Imangonena kuti idzakhala ndi koteshoni yakeyake, ndipo imatchula kuti kusintha maonekedwe kwaulere kuchitika kawiri kokha. Ngati chipatala chikufuna masamba a Chiyao, kalata inene kuti womasulira apezedwa ndi ndani ndipo alipidwa ndi ndani.

Kusafunsa matenda pa fomu kuli ndi chifukwa china choposa mtengo. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, limene amaliyang'anira a MACRA, limaika nkhani za thanzi la munthu m'gulu lofunika kusamalidwa mwapadera. Kabokosi kolembamo "vuto lanu" kamachititsa kuti pa seva pasungidwe zinthu zimene wodwala amangouza dokotala chitseko chitatsekedwa. Dzina ndi nambala ya foni n'zokwanira kusungira munthu malo. Ngakhale zili choncho, kalata inene amene adzakhale ndi mawu achinsinsi olowera, komanso kuti webusaiti idzatsegukira pa https.

Pali ndalama zina zimene siziyenera kulowa mu mtengo wokhazikika: malo osungira webusaiti, dzina lake la pa intaneti, ndi mauthenga a pa foni okumbutsa odwala. Izi zimalipiridwa chaka ndi chaka kapena uthenga uliwonse, ndipo malo osungira a kunja amalipiridwa m'madola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Munthu amene analonjeza kusunga webusaiti kwa zaka ziwiri pa mtengo wa makwacha akanalipira kusiyanako m'thumba mwake. N'chifukwa chake ndalamazi zimalembedwa padera, ndipo koteshoni imapatsidwa masiku ochepa ogwirira ntchito. Dzina la webusaiti, kaya lothera ndi .mw limene limalembetsedwa kudzera ku Malawi SDNP kaya lothera ndi .com, lilembetsedwe m'dzina la chipatala. Likakhala m'dzina la mmisiri, iye akasamukira ku Joni kapena akasintha nambala, chipatala chimatsala ndi webusaiti imene sichingaikonze. Kalata ifotokozenso ngati msonkho umene wolipira amadula n'kupereka ku MRA uli m'kati mwa K900,000 kapena ayi, kuopa kukangana pa malipiro omaliza.

Chotsiriza ndi kunena momwe mbali zonse zidzadziwire kuti ntchito yatha. Mawu oti "ikakusangalatsani" alibe malire. Kalata imatchula mayeso amene dokotala angachite yekha: anthu awiri atenge mafoni awiri, asankhe Lachiwiri 9:20 nthawi imodzi, ndipo mmodzi yekha alandiridwe, winayo auzidwe kuti malowo atengedwa. Onse awiri akalandiridwa, ndiye kuti nkhokwe ya deta sikuletsa kubwereza, ndipo gawo lachiwiri la ndalama lisaperekedwe. Mayeso ena ndi kutseka tsiku la tchuthi n'kuona ngati lasowadi pa fomu, komanso kutsegula mndandanda wa tsikulo pa foni magetsi a ESCOM atazima ndi kompyuta ya pa chipatala itathima.

Mayesowa akapambana, mmisiri amaphunzitsa wolandira odwala kwa maola awiri, amapereka mawu onse achinsinsi kwa mwini chipatala, ndipo amakonza kwaulere zolakwika za ntchito yake kwa masiku 30. Dokotala akayankha kalatayo kuti wavomera n'kutumiza dipoziti, mbali zonse zisunge uthengawo pamodzi ndi umboni wa malipiro, chifukwa ndiwo mgwirizano wawo.