Dzino la kutsogolo ku Kande

Ku Kande ndi ku Chintheche, wachinyamata wofuna ntchito yolandira alendo m'maloji amadziwa kuti dzino la kutsogolo likachoka, bwana amaliona asanafunse za sukulu. Ena amayamba kuseka ataphimba kukamwa ndi dzanja.

Chonsecho dzino silifa tsiku limodzi. Limayamba ndi kadontho kakuda. Kenako limanyerenyesa munthu akamwa madzi ozizira kapena tiyi wa shuga wambiri, koma ululuwo sukhalitsa. Apa likadali lomatika, ndipo dokotala atha kulipulumutsa. Likayamba kugunda lokha usiku, tsaya n'kutupa, kuwola kwafika pa mtsempha, ndipo nthawi zambiri chatsala n'kuzula basi.

Kusiyana kwa anthu kumaonekera pamenepa. Wa ndalama amakwera galimoto kupita ku Mzuzu dzino likadali lomatika. Msodzi wa ku Usisya, komwe msewu ndi wovuta ndipo ambiri amadalira Ilala, amayamba wapirira ndi panado.

Madokotala a mano nawonso ngochepa: Malawi adayamba kuwaphunzitsa yekha mu 2019, ku Blantyre. Inu amene dzino langoyamba kunyerenyesa, pitani mukalionetse lisanayambe kugunda usiku.