Zithunzi zoyenda zokha

Ntchito yanga ndi yokonza zithunzi zosinthana zokha pa sikirini, monga zomwe mumaona pa Chichiri nthawi ya chionetsero cha zamalonda kapena pamalo odikirira kuchipatala. Ndimagwiritsa ntchito PowerPoint, ndipo pamene ndimachedwapo kwambiri ndi pa nthawi ya tsamba lililonse.

Nthawiyo sindiichita kuganizira. Ndimawerenga mawu a patsamba mokweza, mosathamanga, ngati momwe angawerengere agogo amene aiwala magalasi kunyumba, kenako ndimawonjezera masekondi atatu. Kwa wogulitsa mbewu wina ndinakonza masamba 12. Asanu ndi atatu anali a chithunzi ndi mzere umodzi, ndinawapatsa masekondi 8 lililonse. Anayi a mitengo ndi kabzalidwe, masekondi 15. Zonse pamodzi masekondi 124, kungodutsa pang'ono mphindi ziwiri. Pachionetsero zimenezi zakwana, chifukwa munthu amaima pang'ono n'kupitirira. Kuchipatala ndimatalikitsa, poti wodikira amakhalitsa pabenchi, ndipo zomwezomwezo zikamangobwerera amatopa nazo.

Kuika nthawi kumachitikira pa Transitions. Ndimachotsa chizindikiro pa On Mouse Click, n'kuchiika pa After, n'kulemba masekondi 8. Ndikadina Apply To All, ndiye ndimabwerera kumasamba anayi aja kuwasintha limodzilimodzi. Mukayamba ndi anayiwo, Apply To All adzafufuta zomwe mwaika. Ndikatero ndimapita pa Slide Show, kutsegula Set Up Slide Show, n'kusankha Browsed at a kiosk (full screen). Apa zithunzi zikafika kumapeto zimayambiranso zokha mpaka wina atadina Esc, ndipo mwana wogwiragwira mausi sangazidumphitse.

Koma chenjerani napo pamenepa. Popeza kudina sikugwira ntchito, tsamba limodzi likakhala lopanda nthawi, zonse zimaima pomwepo tsiku lonse. Anthu amati kompyuta yafa, chonsecho ili bwinobwino. Kawirikawiri limakhala tsamba lomwe bwana waonjezera usiku kuchokera mufayilo ina. Kulizindikira n'kosavuta: tsegulani Slide Sorter, pansi pa tsamba lililonse pamaoneka masekondi ake, ndipo lopanda nambala ndilo lolakwa.

Zikaima pa tsamba limodzi, vuto ndi nthawi. Sikirini ikada bii, ndiye kuti kompyuta yagona, choncho pa makonzedwe a magetsi a Windows ndimasankha Never. Fayilo ndimaisunga ngati .ppsx kuti ikatsegulidwa iyambe kuonetsa nthawi yomweyo. Magetsi akathima n'kuyakanso, mlonda kapena wolandira alendo amangoyatsa kompyuta n'kudina fayiloyo kawiri.

Musachoke pamalopo musanaone zithunzi zikuzungulira kawiri konse, mutaima pamene padzaime anthu. Ngati mitengo simukuiwerenga muli pamenepo, kulitsani zilembo.