Fataleza wa pansi amene anapezeka m'mutu wa yuriya

Kuno kwa Mlolo, mukalengeza pa wailesi kuti chimanga chikafika m'mawondo muthire fataleza wa pansi, alimi sakukalipirani. Amangouzana pa chigayo kuti ana a pa wailesi aja sanagwirepo khasu. Choopsa n'chakuti wina amakhulupirira, n'kuwononga thumba lake limodzi lokhalo. Ife zimenezi zinatsala pang'ono kutichitikira.

Tinali anthu asanu: atatu ongodzipereka pa wailesi, aphunzitsi ena opuma, ndi mlongo wathu wina amene anakulira ku Mchinji. Bungwe lina linatipatsa buku la Chizungu la ulimi wa gamphani kuti tilimasulire, likhale timabuku ta alimi komanso mapulogalamu a pa wailesi. Tinayamba nthawi yokumba maenje, ndipo mvula inagwa n'kutha tikali pa nchito yomweyo.

Tinkagwiritsa nchito OmegaT, pulogalamu yaulere ya omasulira imene imayenda popanda intaneti. Imasunga zinthu ziwiri. Choyamba ndi mndandanda wa mawu amene mwagwirizana, ndipo liwu la Chizungu likapezeka m'chiganizo imakuonetsani pambali la Chinyanja lake. Chachiwiri tinkachitchula nkhokwe: chiganizo chilichonse chimene mwamasulira chimasungidwa pamodzi ndi Chizungu chake, ndipo chofanana nacho chikabwera kutsogolo, pulogalamu imakupatsani zimene munalemba kale.

Mndandanda tinauyamba mochedwa, titazindikira kuti tikukamba zinenero ziwiri. Ife a kuno timati fataleza wa pansi ndi wa pamwamba. Mlongo wa ku Mchinji ankalemba kuti feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, monga amanenera ku Malawi. Palibe analakwa, ndipo ambiri kuno amamva zonse ziwiri. Koma mlimi amene wamva "wa pamwamba" Lachiwiri, n'kumva "wobereketsa" Lachisanu, angathe kuganiza kuti pali thumba lachitatu loti agule. Tinakhala masana onse n'kusankha mawu a kuno. Aphunzitsi anawonjezera mkangano wa kalembedwe, poti mabuku a sukulu a ku Zambia amalemba "cimanga" pamene ena a ife tinazolowera "chimanga". Pamenepo anapambana ndi iwo, chifukwa timabukuto tikawerengedwa ndi ana a sukulu powerengera makolo awo. Pano pokha ndiye dzanja labwerera ku chizolowezi.

Mndandandawo ndi kafayilo wamba, `glossary.txt`. Mzere uliwonse uli ndi zigawo zitatu zolekanitsidwa ndi batani la `Tab`:

```
basal dressing	fataleza wa pansi	D kompaundi, pobzala. Osalemba "wokulitsa".
top dressing	fataleza wa pamwamba	yuriya, cimanga cikafika m'mawondo
```

Chigawo chachitatucho ndicho chinatithandiza kwambiri. Mawu opanda chifukwa chake munthu amawasintha akangoona kuti ake akukoma kuposa. Tinagwirizananso kuti wosintha fayiloyi akhale mmodzi, aphunzitsi aja, ndipo ena tonse tizingotumiza maganizo pa WhatsApp.

Tinaganiza kuti tathana nazo. Koma vuto lenileni linali m'nkhokwe.

M'mutu wachitatu, wonena za kubzala, munali kachiganizo aka: `Apply one cup per basin.` Mnzathu amene anamasulira mutuwo anaganiza bwino ndithu. Anaona kuti womvera wailesi saona mutu wa nkhani pamwamba pa tsamba, ndiye anamveketsa: "Thirani kapu imodzi ya fataleza wa pansi m'dzenje lililonse." Tonse tinavomereza, ndipo chiganizocho chinalowa m'nkhokwe ya zovomerezeka, imene aliyense ankaika m'foda ya `tm/auto`. Zimene zili m'foda imeneyo pulogalamu imazilowetsa yokha ikapeza Chizungu chofanana ndendende.

Patapita miyezi, wina anafika pa mutu wa yuriya. Kachiganizo komwe kaja kanalimonso, liwu ndi liwu. Pulogalamu imayerekezera Chizungu chokha, siidziwa kuti apa tikukamba za thumba lina, ndiye inalowetsa fataleza wa pansi uja. Womasulirayo ankayenda ndi `Ctrl+U`, imene imadumphira pa chiganizo chosamasulidwa, choncho malowo sanawaone n'komwe. Wowerenganso naye anadutsapo, chifukwa Chinyanja chake chinali chosalala ndipo mawu ake anali a mu mndandanda.

Anatigwira ndi alangizi a zaulimi amene tinawaitana kudzajambula nawo pulogalamu. Mnzathu ali mkati mowerenga, iwo anakweza dzanja. "Aphwanga, tabwerezani apo. Mwati wa pansi? Chimanga cha m'mawondo?" Anatifotokozera zimene tinkazidziwa ndi manja koma osati ndi manambala. D kompaundi ali ndi magawo 10 pa 100 a naitirojeni ndi 20 a fosifeti, amene amathandiza mizu chimanga chikali chaching'ono. Yuriya ali ndi magawo 46 a naitirojeni. Kuthira D nthawi ya yuriya ndiye kuti chimanga chalandira zosakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a chakudya chimene chikufuna, ndipo masamba a m'munsi amayamba chikasu. Tinazimitsa makina, manyazi ali tho.

Kukonza malo amodziwo kunali kosavuta. OmegaT ili ndi `Create Alternative Translation`, imene imalola chiganizo chimodzi kukhala ndi kamasuliridwe kena pamalo ake okha. Chimene chinatidyera mausiku n'kufunsa kuti malo otere alipo angati. Tinafufuza ndi `Ctrl+F` tiziganizo tonse tatifupi tobwerezedwa, monga tonena za kukwirira ndi dothi kapena kudikira mvula, n'kuwerenga kalikonse m'mutu wake. Tinapeza ena awiri, amodzi m'mutu wa laimu. Kuchokera pamenepo tinapangana kuti ukawonjezera liwu limene m'Chizungu mulibe, chiganizocho uchisunge ngati cha pamalo amenewo okha. Komanso mutu sutuluka usanawerengedwe mokweza kuyambira pamwamba mpaka pansi, papepala, ndi munthu amene sanaumasulire. Mokweza, chifukwa maso amakhululukira zimene khutu silingalole.

Inu a ku Lusaka ndi ku Chipata mungafunse chifukwa chake sitinangolumikiza makompyuta onse pa intaneti. Njirayo ilipo, koma netiweki ya kuno imafuna kukwera pa chulu. Ife tinkatumizirana mafayilo Lachisanu lililonse. Aliyense ankakopera `project_save.tmx` yake, n'kuipatsa dzina lokhala ndi mutu ndi deti. Zosawerengedwa tinkaziika mu `tm/penalty-30`, foda imene imachotsa 30 pa maperesenti a kufanana, kuti chiganizo chimene chikanaoneka 100 chioneke 70, munthu ayambe waima n'kuganiza.

Ngakhale zinali tero, "wobereketsa" anabweranso m'mutu womaliza, miyezi itapita chimuchotsereni. Mlongo wa ku Mchinji analumbira kuti si iye, ndipo ankanena zoona. Pawindo la ziganizo zofanana pamaoneka dzina la fayilo imene chiganizo chachokera, ndipo dzinalo linali la mwezi woyamba wa nchito. Linali pa laputopu ya mmodzi wa ife atatu a pa wailesi, amene ankangowonjezera mafayilo atsopano osafufuta akale. Sabata imeneyo tinasonkhanitsa malaputopu onse pa tebulo la aphunzitsi, tinakhuthula mafoda a `tm`, n'kuikamo nkhokwe imodzi yochokera pa fulashi yawo. Fulashiyo amaisunga m'kachitini ka masingano.