Abwana akakhala chete, tchuthi sichinavomerezedwe

Ambirife tikangoyamba ntchito timaganiza kuti fomu ya tchuthi ikatha masabata awiri osabwezedwa, ndiye kuti abwana avomera. Ayi ndithu. Lamulo la ntchito la m'Malawi la 2000 limapereka masiku 15 a tchuthi pachaka kwa wogwira ntchito masiku asanu pasabata, ndi masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi. Koma tsiku loyambira tchuthicho amakhazikitsa ndi wolemba ntchito, atakambirana nanu. Kungonyamuka popanda chilolezo ndi kujomba, ndipo ntchito ikhoza kutha.

Ine zinandipeza pa chinkhoswe cha mchemwali wanga ku Mzimba, pomwe ndimagwira ntchito ku Blantyre. Fomu ndinapereka pa 21 Julayi. Pofika pa 4 Ogasiti kunali zii, ulendo utatsala masiku khumi.

Ndinayamba ndafunsa ku ofesi yoona za ogwira ntchito kuti fomu yafika pati. Funso limeneli silikhumudwitsa munthu, ndipo limakuuzani woyenera kumukumbutsa. Yanga inali idakali pa tebulo la abwana, yosasainidwa. Masana omwewo ndinawalembera:

"Bwana, mwaswera bwanji? Ndimati ndikukumbutseni za tchuthi chomwe ndinapempha pa 21 Julayi, cha Lachinayi pa 14 ndi Lachisanu pa 15 Ogasiti. Ntchito ya sabata imeneyo ndimaliza Lachitatu, ndipo mnzanga wa mu ofesi wavomera kundigwirira zobwera mwadzidzidzi. Ndingathokoze mutandiyankha pofika Lachisanu lino kuti ndigule tikiti ya basi."

Muuthengawu mulibe mawu oti "simunandiyankhe", chifukwa munthu ukamuloza chala amayamba kudziteteza m'malo mosaina. Masiku ndinawatchulanso kuti asavutike kufunafuna fomu. Nkhawa yeniyeni ya bwana, yoti ntchito itsala ndi ndani, ndinaiyankhiratu. Tsiku lomwe ndinaika linali ndi chifukwa chomveka, choncho silinaoneke ngati ndikuwalamula.

Panadutsa masiku awiri, chete. Uthenga wachiwiri ukanakwiririka ngati woyamba, ndiye Lachinayi m'mawa ndinagogoda pakhomo pawo. "Pepani bwana, ndikubereni mphindi imodzi, ndi nkhani ya tchuthi ija." Apa m'pamene chinatuluka chomwe chinkawagwira: lipoti lina linkafunika pa 15 pomwepo. Ndinalonjeza kulipereka pa 13, iwo n'kuti, "Basi, mupite."

Komabe "mupite" wapakamwa amaiwalika. Ndinawapempha kuti asainiretu, ndipo fomuyo ndinaijambula pafoni ndisanakaisiye. Tikiti ndinagula pambuyo pake.

Abwana anu akakhala kuti achokapo, funsani amene akuwagwirizira mpando, osati kungothamangira kwa akuluakulu a pamwamba pawo. Tchuthi mwina mupatsidwa, koma mukadzabwerako mudzagwirabe ntchito ndi munthu amene munamudumphayo.