Ndime ya pa tsamba 6 imene sitinawerenge

Ndife atatu, tili ndi kashopu ku Kamwala komwe timadinda masikipa. Caka catha kampani ina inatipatsa oda ya masikipa 400, imodzi K150, zonse pamodzi K60,000. Kontrakiti anabwera nayo yolemba kale, masamba asanu ndi awiri. Tinayang'ana mtengo ndi tsiku lopereka katundu, basi n'kusaina. Anatipatsa K30,000 yoyambira nchito, yotsala anati adzalipira katundu akafika.

Masikipa tinapereka pa tsiku lake. Ndalama zii. Atatizungulitsa miyezi itatu, anayamba kukamba kuti mtundu wa inki sunali umene anafuna. Ife tinapita kukhoti la majisitireti tili ndi mtima wonse, cifukwa pepala lolandirira katundu anasaina okha.

Loya wao sanakambeko za inki. Anangotsegula tsamba 6 n'kuwerenga ndime yakuti mkangano uliwonse wocokera m'pangano ili udzaweruzidwa ndi abitireta atatu. Apa m'pamene tinamva koyamba za lamulo la abitireshoni la Zambia, nambala 19 la 2000. Gawo 10 la lamuloli likuti ngati munapangana zotere, ndipo mmodzi wa inu wapempha, khoti liyenera kuimitsa mlandu n'kukutumizani kwa abitireta, kupatula ngati panganolo n'losagwira nchito. Lathu linali logwira bwino-bwino. Tinatuluka manja ali m'thumba.

Abitireta ndi munthu amene okangana amasankha kuti awaweruze kunja kwa khoti. Kusiyana kwake koyamba ndi ndalama. Majisitireti amalipidwa ndi boma, inu mumangolipira zolembetsa mlandu ndi loya ngati muli naye. Abitireta mumamulipira nokha, nthawi zambiri pa ola, kuonjezapo cipinda cokumaniramo, ndipo amafuna ndalama yoyambira asanamve ciliconse. Ife anali atatu. Titafunsa mitengo n'kuwerengera mbali yathu pamodzi ndi loya, tinaona kuti tikhoza kuononga ndalama yoposa nkhongole imene tinali kulondola. N'zoona kuti wopambana angabwezeredwe zimene waononga, koma uyenera kukhala nazo coyamba. Ife tinalibe.

Kusiyana kwaciwiri ndi apilu. Kukhoti, majisitireti akalakwitsa mukhoza kupita ku Khoti Lalikulu. Cigamulo ca abitireta n'comaliza. Khoti lingacifafanize pa zifukwa zocepa cabe, monga ngati simunauzidwe za mlandu, simunapatsidwe mpata wokamba mbali yanu, kapena waweruza nkhani imene sinali m'pangano. Ndipo pempho lotere liyenera kulowa pasanathe miyezi itatu mutalandira cigamulo. Kungonena kuti "sanamvetse za inki" sikukwanira. Komanso mukapambana koma mnzanu akana kulipira, abitireta alibe mabelifi. Mumabwereranso kukhoti kukalembetsa cigamulo cija kuti katundu wake agwidwe.

Sitikunena kuti ndime imeneyi ndi msampha nthawi zonse. Kontrakita amene akumanga nyumba ya mamiliyoni ali ndi cifukwa coikonda. Akhoza kusankha woweruza wodziwa za zomanga, tsiku lokumana amagwirizana okha m'malo modikira mzere wa milandu, ndipo nkhani imathera m'cipinda, osati pagulu pomwe atolankhani amamvera. Pa ndalama zotero, malipilo a abitireta ndi kanthu kakang'ono. Pa K30,000 yathu, anali khoma.

Mapeto ake tinakhala pansi ndi a kampani aja. Anati atipatse K21,000 nkhani ithe. Tinakangana tokha usiku wonse, mmodzi wa ife akuti tisagonje, koma lendi ya shopu inali itakwana. Tinalandira. K9,000 inapita cifukwa ca mizere inayi.

Manje kontrakiti ikabwera timayambira kumbuyo, pomwe pali za mikangano. Tikapeza abitireshoni timapempha zinthu zitatu. Coyamba, abitireta akhale mmodzi. Caciwiri, malo alembedwe kuti Lusaka, cifukwa mapepala ena okopera ku makampani akunja amachula Johannesburg kapena London, ndipo tikiti yokha ingakugwetse. Cacitatu, ndimeyo inene kuti mkangano wa ndalama yosapitirira K100,000 upite kukhoti. Nkhongole zazing'ono kwambiri zili ndi khoti lake la milandu ing'ono-ing'ono, komwe munthu amadziimira yekha popanda loya, ndipo sitifuna kudzitsekera khomo limenelo.

Mwezi watha kasitoma wina anatibweretsera pangano lokhala ndi ndime yomweyo. Tinamuonetsa zosintha zathu. Anaseka n'kunena kuti nayenso anali asanaiwerengepo, anangoipeza pa pepala la mnzake. Tinasintha pomwepo ndi bolopeni, tonse n'kusaina m'mbali.